Zolemba za msungichuma: kulekanitsa ndalama zogulira lole ndi zoyendetsera kopaletivi

15 Januwale 2024

Komiti yandipatsa ntchito yokonza bajeti ya chaka cha 2024/25 m'magawo awiri osiyana, ndipo ndayamba kulemba zolemba izi kuti mamembala ndiponso amene adzalowe m'malo mwanga adzathe kuona mmene tinafikira pa chiganizo chilichonse. Kopaletivi yathu ndi ya alimi a soya ndi mtedza okwana 600 m'boma la Mchinji, ndipo chaka chathu cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, monga mmene chilili chaka cha boma.

Chimene chabweretsa ntchitoyi ndi chowawa. Msonkhano waukulu wa chaka chatha unagwirizana zogula lole yonyamulira zokolola, ndipo membala aliyense anagula sheya yapadera ya K30,000, zomwe zinakwana K18,000,000. Pamwamba pake tinaikapo K24,000,000 zochokera pa phindu limene tinasunga m'zaka zapitazi, motero ndalama za lole zinayenera kukhala K42,000,000. Sabata yatha nditayerekeza buku la ndalama ndi sitetimenti ya ku banki, ndinapeza kuti tili ndi K35,600,000 zokha. Palibe amene anaba, ndipo kwacha iliyonse ili ndi risiti yake. K2,900,000 zinapita ku mahayala a magalimoto, K2,100,000 ku matumba ndi mankhwala otetezera mbewu mosungiramo, ndipo K1,400,000 ku malipiro ndi lendi. Zonse pamodzi zinakwana K6,400,000, zimene zinatuluka pang'onopang'ono kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo n'kukwera, ndipo nthawi iliyonse imene ndinkasaina cheke ndinkaona kuti mu akaunti muli ndalama zambiri, osazindikira kuti ndikudya mbali ya lole. Cholakwacho ndi changa pamodzi ndi osaina anzanga, koma muzu wake ndi wakuti tinali ndi bajeti imodzi, akaunti imodzi ndi buku limodzi.

5 Febuluwale 2024

Lero komiti yavomereza mayina ndi malire a magawo awiriwa. Gawo loyamba tikulitcha bajeti yoyendetsera ntchito, ndipo muli zonse zimene zimatha m'chaka n'kufunikanso chaka chotsatira, monga malipiro, lendi, matumba, mafuta ndi magetsi. Gawo lachiwiri tikulitcha bajeti ya katundu wokhalitsa. Pofotokozera akomiti ndinagwiritsa ntchito chitsanzo cha bajeti ya boma imene imaperekedwa ku Nyumba ya Malamulo, yomwe nayonso ili ndi ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku ku mbali imodzi ndi ndalama za chitukuko ku mbali ina, ndipo zimenezi anazimva msanga chifukwa amazimva pa wailesi chaka ndi chaka.

Lamulo losiyanitsira limene tagwirizana lili ndi mafunso awiri, ndipo chinthu chimalowa m'bajeti ya katundu wokhalitsa pokhapokha chikayankha onse awiri: kodi chidzatitumikira kupitirira chaka chimodzi, nanga mtengo wake ukufika K500,000? Funso lachiwiri linabutsa mtsutso, chifukwa mlembi anafunsa kuti wilibala imene imakhala zaka zitatu tiziiika kuti. Yankho langa linali lakuti wilibala ndi katundu wokhalitsa ndithu, koma kuiwerengera kutha kwake chaka ndi chaka ndi ntchito yaikulu kuposa phindu lake, choncho izilipiridwa ngati zoyendetsera ntchito koma izilembedwa m'kaundula wa katundu kuti isasowe. Malire a K500,000 si lamulo lochokera kwina kulikonse, ndi muyeso umene tadziikira tokha, ndipo tidzauunikanso mitengo ikakwera kwambiri.

Tagwirizananso kuti kulekanitsa pa pepala pokha sikukwanira. Titsegula akaunti yachiwiri ku banki, ya katundu wokhalitsa yekha, yokhala ndi buku lake ndi mavawucha a mtundu wina, ndipo ndalama sizidzachoka mmenemo kupita ku akaunti yoyendetsera ntchito popanda chilolezo cha komiti yonse cholembedwa m'maminitsi, chonena kuchuluka kwa ndalamazo ndi tsiku lobweza. A wapampando anapempha kuti mmodzi wa osaina pa akaunti yatsopanoyi asakhale wosaina pa akaunti yakale, ndipo ine ndinagwirizana nazo kwathunthu, poti munthu amene akuthamangitsidwa ndi malipiro a kumapeto kwa mwezi ndi amene amayesedwa kwambiri kubwereka ku thumba lina.

26 Febuluwale 2024

Akaunti yatsegulidwa ndipo K35,600,000 zasamutsidwa. M'mabuku ndalemba kuti bajeti yoyendetsera ntchito ili ndi ngongole ya K6,400,000 ku bajeti ya katundu wokhalitsa.

Bajeti ya lole yatha kulembedwa. Lole ya matani atatu yogwiritsidwapo kale ntchito imene tapeza mtengo wake ndi K38,000,000, koma mtengo wa lole m'mabuku si umene wogulitsa watchula wokha, ndi ndalama zonse zofunika kuti loleyo ifike poyamba ntchito imene tikuigulira. Choncho ndaikamo K250,000 za makaniko woiyendera tisanalipire, K350,000 zosinthira umwini ku nthambi yoona za pamsewu pamodzi ndi COF yoyamba, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu, ndi K1,400,000 zowotcherera zitsulo za m'mbali ndi kugula tenti yophimbira matumba. Zonse pamodzi ndi K40,000,000. Inshuwalansi sindinaiike kuno ngakhale kuti tidzailipira tsiku lomwelo logula, chifukwa imagula chitetezo cha miyezi 12 yokha ndipo ikatha timalipiranso. Kusiyana kwake n'kumeneko: zitsulo za m'mbali timawotcherera kamodzi n'kukhala pa lole, pamene inshuwalansi imabwera chaka chilichonse.

Popeza soya amayamba kutuluka mu Epulo ndipo kudikira mpaka titagulitsa kukanatanthauza kulipiranso mahayala nyengo yonse, komiti yavomereza ngongole ya ku banki ya K6,000,000 yobweza m'miyezi 12. Ndalama zimene zilipo zikhala K41,600,000, kutanthauza kuti K1,600,000 zitsala ngati zodzitetezera pa zogwa mwadzidzidzi pa nthawi yogula. Ngongoleyi ndaigawa pawiri. Ndalama yeniyeni imene tabwereka yalowa ku bajeti ya katundu wokhalitsa, ndipo kubweza kwake kwa K500,000 pa mwezi kudzatulukira komweko, pogwiritsa ntchito ndalama zimene akaunti yoyendetsera ntchito izitumiza mwezi ndi mwezi pobweza ngongole yake ija, kenaka K400,000 zotsalazo kumapeto kwa chaka. Chiwongoladzanja, chomwe chikukwana pafupifupi K1,100,000, ndachiika ku bajeti yoyendetsera ntchito, chifukwa sichikuwonjezera kanthu pa lole koma ndi mtengo wa kubwereka m'chaka chimenechi.

18 Malichi 2024

Sabata zitatu zapitazi ndazithera pa mbali imene ndikuona kuti ndi yofunika kuposa zonse, imene poyamba ntchitoyi sindinaiganizire mokwanira. Tikalekanitsa mabajeti awiriwa, pali chiopsezo chakuti anthu aziganiza kuti lole ndi nkhani ya bajeti ya katundu wokhalitsa basi, pamene zoona zake n'zakuti tsiku limene loleyo idzalowe pa geti, bajeti yoyendetsera ntchito idzalandira mlendo wodya kwambiri amene sadzachoka kwa zaka zambiri. Motero ndatsegula mutu watsopano m'bajeti yoyendetsera ntchito wa ndalama zoyendetsera lole, ndipo ndauwerengera motere.

Malinga ndi maulendo a chaka chatha, pakati pa malo ogulira mbewu, nyumba yosungiramo ndi misika ya ku Lilongwe, ndikuyerekeza kuti lole iziyenda makilomita 24,000 pa chaka. Makaniko akuti itanyamula imayenda pafupifupi makilomita 7 pa lita, choncho tidzafunika malita pafupifupi 3,430, ndipo pa mtengo wa dizilo wa K2,734 pa lita umene bungwe la MERA linakhazikitsa mu Novembala, mafuta okha akukwana pafupifupi K9,400,000. Malipiro a dalaivala ndi wothandizira wake ndi K3,600,000, inshuwalansi yoteteza zonse ndi K2,000,000, sevisi ya pa makilomita 5,000 alionse ndi K1,200,000 pa chaka, matayala asanu ndi limodzi ndi K1,800,000, ndipo ndaika K1,000,000 za zokonza zina ndi COF yotsatira. Izi zikukwana K19,000,000, ndipo tikaphatikiza chiwongoladzanja zikufika K20,100,000, zomwe ndi theka la mtengo wa lole yeniyeniyo m'chaka chimodzi chokha.

Patsala ndalama imodzi imene sitilipira kwa munthu aliyense, ndipo n'chifukwa chake imaiwalika, yomwe ndi kutha kwa lole. Tayerekeza kuti itumikira zaka 6 ndipo pamapeto pake tingaigulitse K10,000,000, kutanthauza kuti K30,000,000 zitha nayo m'zaka zimenezo, kapena kuti K5,000,000 pa chaka. Akomiti ena anafunsa chifukwa chake tikulemba ngati zowononga ndalama imene sikutuluka m'manja. Ndinawakumbutsa za mlimi amene amakolola, kudya ndi kugulitsa zonse osasiya mbewu: chaka chimenecho amaoneka kuti wapindula, koma mvula ikagwa alibe chobzala. Ngati sitilemba K5,000,000 zimenezi, lipoti lathu la pachaka lidzaonetsa phindu lalikulu kuposa lenileni, mamembala adzafuna kugawana, ndipo m'chaka chachisanu ndi chimodzi tidzakhala ndi lole yakufa popanda yolowa m'malo. Kulemba kokha sikusunga ndalama, choncho tagwirizana kuti pa miyezi itatu iliyonse K1,250,000 zizichokadi ku akaunti yoyendetsera ntchito kupita ku akaunti ya katundu wokhalitsa, pansi pa mutu wa thumba logulira lole ina. Apa m'pamene mabajeti awiriwa amalumikizana, ndipo ndalama zimayenda njira imodzi yokha.

Zonse pamodzi lole itidya K25,100,000 pa chaka, pafupifupi K1,050 pa kilomita. Chiwerengerochi chinadabwitsa komiti, chifukwa mitengo imene eni malole atipatsa ya chaka chino ikusonyeza kuti mahayala akanatidyera pafupifupi K23,000,000, kutanthauza kuti lole ikayenda makilomita onsewa osabweretsa ndalama iliyonse sikutipulumutsira ndalama. Chimene chikusintha chithunzichi n'chakuti maulendo athu enieni ndi makilomita pafupifupi 18,000, ndipo 6,000 otsalawo ndi onyamulira anthu ena katundu m'miyezi imene ntchito yathu imachepa. Tikamalipiritsa K1,300 pa kilomita tipeza K7,800,000, ndipo mtengo wotsalira kwa ife ukhala K17,300,000. Tikadayang'ana K19,000,000 zooneka ndi maso zokha, tikadaganiza kuti kilomita imatidya pafupifupi K790 n'kumalipiritsa K900 tikukhulupirira kuti tikupindula, pamene tikugulitsa lole yathu pang'onopang'ono kwa makasitomala.

22 Epulo 2024

Msonkhano waukulu wavomereza mabajeti onse awiri, aliyense pa pepala lake ndi voti yake. Lole yagulidwa ndipo yalembedwa m'kaundula wa katundu ndi tsiku logula, nambala ya injini ndi ya chasisi, mtengo wa K40,000,000, zaka zimene tikuyembekeza kuigwiritsa ntchito ndi kumene mapepala ake akusungidwa. Zowotcherera zinakwera ndi K300,000 kuposa mmene tinaganizira, ndipo popeza ndi mbali ya kukonzekeretsa lole kuti iyambe ntchito, zatuluka pa ndalama zodzitetezera zija, zomwe tsopano zatsala K1,300,000. Mtengo wa m'kaundula ndaukonza kukhala K40,300,000, ndipo kutha kwa pachaka kwafika K5,050,000.

15 Julayi 2024

Lamulo lathu layesedwa koyamba. Pa 2 Julayi kilachi inatha lole ikuchokera ku Lilongwe, ndipo kukonza pamodzi ndi kuikoka kunakwana K900,000. Pa msonkhano wa komiti a wachiwiri kwa wapampando ananena kuti ndalamayi yadutsa K500,000, kilachi yatsopano ikhala kupitirira chaka, ndipo ku akaunti ya katundu wokhalitsa kuli K1,300,000 zongokhala, choncho ilipiridwe kumeneko. Mfundo yawo inali yomveka, ndipo inaonetsa kuti mafunso athu awiri aja sakukwanira pa nkhani ya zokonza.

Ndinapempha kuti tiwonjezere funso lachitatu, lakuti: kodi ntchitoyi ikubwezeretsa katundu mmene analili, kapena ikumupangitsa kuchita zoposa zimene tinkayembekeza pogula? Kilachi yatsopano sikupangitsa lole kunyamula matani ambiri kapena kukhala zaka zoposa 6 zimene tinawerengera, ikungoibwezera pa msewu, motero ndi yokonza ndipo malo ake ndi m'bajeti yoyendetsera ntchito. Zikanakhala zosiyana lipoti la makaniko likananena tisanagule kuti lole singayambe ntchito popanda kilachi ina, ife n'kuigula tikudziwa zimenezo, chifukwa pamenepo ndalamayo ikanakhala mbali ya mtengo wogulira. Ndinaliwerenganso lipotilo pamaso pa komiti, ndipo linangonena kuti kilachi ndi yodyeka koma ikugwira. Chitsanzo cha mbali inayo chingakhale kuika injini ina yathunthu m'chaka chachisanu imene ingatalikitse moyo wa lole ndi zaka zina zitatu, ndipo imeneyo ingalowe m'bajeti ya katundu wokhalitsa n'kusintha kawerengedwe ka kutha kwake.

Komiti inavomereza, koma zotsatira zake n'zolemera. Mutu wa zokonza unali ndi K1,000,000 za chaka chonse ndipo watsala ndi K100,000 m'mwezi wachinayi, zomwe zikuonetsa kuti ndinaika ndalama zochepa kwambiri pa lole yakale. Ndasamutsa K700,000 kuchokera pa mutu wa misonkhano ndi maulendo a ku ofesi, zonse mkati mwa bajeti yoyendetsera ntchito. Ndikufuna zilembedwe momveka kuti tikanalipira kilachi ku akaunti inayo, cholakwa changa choyerekeza chikanabisika, lole ikanaoneka yotsika mtengo kuiyendetsa, ndipo bajeti ya chaka chamawa ikanalakwikanso pa malo omwewo.

Pa msonkhano womwewo tinagwiritsa ntchito funso lachitatuli pa nyumba yosungiramo mbewu. Kusintha malata 14 odontha ndi kupaka laimu kwalowa ku zoyendetsera ntchito, pamene pempho lowonjezera chipinda chachiwiri lalembedwa ngati katundu wokhalitsa wa chaka cha 2025/26, ndipo silidzapita ku msonkhano waukulu lisanakhale ndi pepala losonyeza zimene chipindacho chizidya pa chaka, monga mlonda wowonjezera, mankhwala ndi zokonza.

7 Okutobala 2024

Theka la chaka latha, ndipo ndayerekeza mabuku onse awiri ndi masitetimenti. Ngongole ya ku banki yabwezedwa K3,000,000 m'miyezi isanu ndi umodzi popanda kuphonya. Lole yayenda makilomita 14,200, zomwe zili zambiri kuposa theka la 24,000 chifukwa miyezi yokolola ili m'theka loyambali, koma mwa amenewa 1,900 okha ndi olipiridwa ndi anthu akunja, ndipo kuti tifike pa 6,000 tikudalira ntchito yonyamula feteleza ndi mbewu m'miyezi ikubwerayi. Buku la maulendo likusonyeza makilomita 6.4 pa lita m'malo mwa 7, ndipo ndauza dalaivala kuti azilemba kulemera kwa katundu pa ulendo uliwonse kuti tidziwe ngati vuto ndi kunyamula mopitirira muyeso, misewu ya fumbi kapena mafuta amene sakufika mu thanki.

Thumba logulira lole ina ndi limene likundidetsa nkhawa. Gawo la kumapeto kwa Juni linatumizidwa lonse, koma la kumapeto kwa Sepitembala latumizidwa K600,000 zokha, chifukwa wogula mmodzi wamkulu sanamalize kulipira soya. Ndalemba zotsalazo ngati ngongole yokhala ndi tsiku lobweza la 30 Novembala ndipo ndaziwerenga pamaso pa komiti. Kusiyana ndi chaka chatha n'kwakuti kuperewera kumeneku kwaoneka m'sabata yoyamba, osati patatha miyezi, koma ndikudziwa kuti kuchedwetsa gawo la kutha kwa lole ndi njira ina yodyera katundu wokhalitsa, yofatsa kuposa yakale ija chifukwa palibe cheke imene imasainidwa.

Vuto lachiwiri la thumbali ndi kukwera kwa mitengo, komwe chaka chino kwakhala kopitirira 30 peresenti pa chaka. Kawerengedwe ka kutha kwa lole kamachokera pa mtengo umene tinagulira, choncho ngakhale titasunga K5,050,000 chaka chilichonse mosaphonya, ndalama zimene tidzakhale nazo mu 2030 zidzakhala zofanana ndi mtengo wa 2024, ndipo malole amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. M'mabuku kutha kwa lole kupitiriza kulembedwa pa mtengo wogulira monga mmene owerengera mabuku athu amafunira, koma ndalama zimene timatumizadi ku thumba siziyenera kumangiriridwa pa chiwerengero chimenecho. Ndakonza pempho lakuti mu Febuluwale chaka chilichonse tizifunsa mtengo wa lole yofanana nayo kwa ogulitsa atatu, tizichotsapo zimene zili kale m'thumba ndi zimene tikuyembekeza kupeza pogulitsa yakale, ndipo zotsalazo tizizigawa ndi zaka zimene zatsala. Ndikupemphanso kuti ndalama za m'thumbali ziikidwe ku akaunti yosungitsa ya miyezi itatu yokhala ndi chiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanjacho chizikhala m'thumba momwemo. Njira imeneyi ikweza gawo limene bajeti yoyendetsera ntchito iyenera kutumiza, ndipo mwina itikakamiza kukweza mtengo wa K1,300 pa kilomita nyengo ya feteleza isanayambe. Mapempho onse awiri aikidwa pa ndandanda ya msonkhano wa komiti wa pa 21 Okutobala, pamodzi ndi mitengo itatu ya ntchito yomanga chipinda chachiwiri imene mlembi akusonkhanitsa.